Makhodi Afika mu Kompyuta, Tsono Aimbe Ndani?

Munthu amatha kupanga makhodi anayi pa foni kapena pa kiyibodi, n'kumva kuti akoma, kenako n'kuwatulutsa ngati fayilo ya `.mid` ndi kuikokera mu pulogalamu yopangira nyimbo, kaya ndi FL Studio, Ableton Live, Reaper, Cubase kapena Logic. Akadina kuti ilire, chimodzi mwa zinthu ziwiri chimachitika. Mwina pamakhala zii ngakhale manoti akuoneka bwinobwino pa sikirini, kapena pamalira kapiyano kouma kosafanana n'komwe ndi zimene anamva poyamba. Apa palibe chimene chawonongeka, chifukwa umu ndi mmene MIDI imagwirira ntchito.

Mu fayilo ya MIDI mulibe mawu. Muli malangizo okha: noti yakutiyakuti iyambe pano, ikhudzidwe ndi mphamvu yotere, ithere apo. Njira imeneyi inakhazikitsidwa mu 1983 kuti makiyibodi a makampani osiyana azimvana, ndipo mwa anthu amene anaitsogolera munali Dave Smith wa Sequential Circuits ndi Ikutaro Kakehashi wa Roland. Noti iliyonse ili ndi nambala, kuyambira 0 mpaka 127. C wa pakati pa piyano ndi 60, ndipo mukakwera kiyi imodzi, yoyera kapena yakuda, nambala imaonjezeka ndi 1, kotero okitevu yonse ndi 12. Kukoma kumene munamva pa foni kuja kunachokera mbali ziwiri: manoti, ndiponso choimbira chimene pulogalamu ya pa foniyo inkalizira manotiwo. Fayilo yanyamula manoti basi. Choimbira chija chatsala komweko.

Ndiye ntchito yeniyeni si kukoka fayilo, chifukwa zimenezo n'zakanthawi kochepa. Ntchito ili pa kugawa makhodiwo kwa zoimbira zingapo za mu kompyuta, chilichonse chilandire gawo limene chingathe kuimba. Kuti nkhani isamwazike, titsatira chitsanzo chimodzi: Am, F, C, G, khodi iliyonse ikutenga baa imodzi ya mabiti 4, pa liwiro la 96 BPM, kutanthauza mabiti 96 pa mphindi.

Polowetsa fayilo

Choyamba kuonetsetsa ndi liwiro. Manoti a MIDI sayezedwa m'masekondi koma m'mabiti, motero amatsata liwiro la pulojekiti imene alowamo. Pa 96 BPM, baa imodzi imatenga masekondi 2.5, ndipo makhodi athu anayi amatha m'masekondi 10. Pulojekiti yanu ikakhala pa 120 BPM, makhodi omwewo atha m'masekondi 8, ndipo mungadabwe kuti bwanji akumveka ngati akuthamangitsidwa. Mapulogalamu angapo amafunsa polowetsa ngati mukufuna kutenga liwiro la mu fayilo. Ngati pulojekiti ndi yatsopano, vomerani. Ngati muli kale ng'oma ndi mawu a woimba, kanani, apo ayi zonse zimene munayala zisokonekera. Dziwaninso kuti fayilo imene mulibe uthenga wa liwiro imawerengedwa ngati ya 120 BPM, choncho ndi bwino kulemba liwiro m'dzina la fayiloyo musanaiwale.

Pali vuto lina lokulirapo limene limabisala pomwepa. Ngati makhodiwo munawaimba ndi manja popanda kugunda kwa metironomu, manoti sagwera pa mizere ya mabaa. Mudziwa msanga: khodi yoyamba ili pa mzere, yachiwiri yapitirira pang'ono, yachinayi ili pakati pa baa. Musathamangire `Quantize`, chifukwa iye amakankhira noti iliyonse ku mzere umene uli pafupi, osati ku mzere umene inu munkalinga. Kwa makhodi anayi okha, kuwakoka ndi dzanja imodziimodzi n'kofulumira kuposa njira ina iliyonse.

Chachiwiri ndi mtundu wa fayilo. Mafayilo a MIDI amene mungakumane nawo kwambiri ndi a mitundu iwiri. Mtundu 0 umaunjika zonse mu thiraki imodzi, pamene mtundu 1 umasunga mathiraki olekana. Ngati pulogalamu yanu ya makhodi inapanganso besi ndi ng'oma, itulutseni ngati mtundu 1, kuti gawo lililonse lifike pa mzere wake. Ikabwera ngati mtundu 0, magawowo amasiyanitsidwa ndi matchanelo okha, omwe alipo 16, ndipo muyenera kuwalekanitsa nokha. Mukapanda kutero, piyano imodzi idzaimba zonse, ndi ng'oma zomwe. Mu dongosolo la General MIDI la mu 1991 ng'oma zimakhala pa tchanelo 10, ng'oma yaikulu ndi noti 36 ndipo sineya ndi 38, ndiye mukamva piyano ikugogoda manoti awiri apansi mobwerezabwereza mosagwirizana ndi nyimbo, dziwani kuti ikuwerenga gawo la ng'oma.

Pakakhala zii

Thiraki ya MIDI siitulutsa mawu mpaka mutaipatsa choimbira, kaya chobwera ndi pulogalamuyo kapena pulagini ya VST kapena AU. Izi n'zodziwika, koma ngakhale choimbira chilipo mawu amatha kusowabe, ndipo kafufuzidwe kake kali ndi ndondomeko.

Dinani kiyi pa kiyibodi yojambulidwa pa choimbiracho. Chikalira, ndiye kuti choimbira chili bwino ndipo vuto lili pa njira imene manoti akudutsa. Kawirikawiri amakhala matchanelo. Pulagini ngati Kontakt imatha kusunga zoimbira zingapo nthawi imodzi, chilichonse chikumvera tchanelo chake. Manoti anu akakhala pa tchanelo 2 pamene piyano ikumvera tchanelo 1, kadontho kosonyeza kuti MIDI ikulowa kamathwanima koma palibe chimene chimalira. Ikani choimbiracho pa `Omni` kuti chizimvera matchanelo onse, kapena sinthani tchanelo cha thiraki.

Ngati matchanelo ali bwino, tsegulani mndandanda wa mauthenga a mu kilipu. Mafayilo ambiri amanyamula zambiri kuposa manoti, ndipo zimakhala kumayambiriro kwenikweni. Uthenga wa `CC7` umalamula kukula kwa mawu, ndipo ukakhala pansi umatsitsa choimbira chanu nthawi iliyonse nyimbo ikayamba, ngakhale mutakweza ndi dzanja kangati. Uthenga wa `Program Change` umasintha mawu a choimbira, motero mumasankha padi yofewa, mukadina kuti ilire, yasanduka chinthu china. Ine ndimaona kuti fayilo ya makhodi okha ndi bwino kuichotsa mauthenga onsewa n'kutsala ndi manoti, chifukwa analembedwera choimbira chimene inu simukugwiritsa ntchito.

Pa mayina a manoti paliso msampha. Noti 60 Ableton Live ndi Cubase amaitcha C3, FL Studio amaitcha C5, pamene mabuku ambiri a nyimbo amaitcha C4. Noti yake ndi yomweyo, ndipo fayilo siisintha okitevu poyenda. Chisokonezo chimabwera munthu akamakopera makhodi ndi maso kuchokera ku pulogalamu ina, kapena akamawerenga buku la choimbira. N'chifukwa chake m'nkhani ino ndikugwiritsa ntchito manambala.

Kukonza makhodi asanagawidwe

Mapulogalamu ambiri opangira makhodi amawatulutsa noti ya patsinde ili pansi nthawi zonse. Athu aja afika chonchi:

```
Am  57 60 64
F   53 57 60
C   60 64 67
G   55 59 62
```

Manoti ndi olondola, koma tayang'anani apamwamba: 64, 60, 67, 62. Akutsika ndi 4, kukwera ndi 7, kutsikanso ndi 5. Khutu limatsatira kwambiri noti ya pamwamba ngati kuti ndiyo nyimbo, ndiye limamva kudumphadumpha. Woimba piyano sangaimbe chonchi. Dzanja lake limakhala pamalo amodzi, zala zokha n'kumasuntha pang'ono.

Kukonza kwake n'kosavuta. Mu F, tengani 53 mumukweze okitevu akhale 65. Mu C, tsitsani 67 akhale 55. Zotsatira zake ndi izi:

```
Am  57 60 64
F   57 60 65
C   55 60 64
G   55 59 62
```

Tsopano kuchoka pa Am kupita pa F, noti imodzi yokha ndiyo yasuntha, ndipo yasuntha kiyi imodzi. Noti 60 yakhala pamalo pake mabaa atatu. Pamwamba pali 64, 65, 64, 62, kamzere koti munthu angathe kukang'ung'udza. Makhodi sanasinthe mayina, angotembenuzidwa. Noti ya patsinde siilinso pansi mu F ndi C, koma zimenezo zisakudetseni nkhawa, poti ntchito yoimba tsinde tiipereka kwa besi.

Pomwepa pabadwa vuto limene limazunguza anthu ambiri. Noti 57 ikupezeka mu Am ndi mu F motsatizana. Ngati ya mu Am yatalika pang'ono n'kulowerera mu baa yachiwiri, uthenga wake wakuti "leka" umafika 57 yachiwiri itayamba kale, ndipo zoimbira zina zimaidula yachiwiriyo nthawi yomweyo. Chizindikiro chake n'chakuti khodi imamveka yopepuka, ngati yasowa noti, chonsecho pa sikirini manoti onse atatu alipo. Kulitsani chithunzi pamalire a mabaa muone. Mankhwala ake ndi kufupikitsa yoyamba kuti pakhale kampata, kapena kulumikiza ziwirizo zikhale noti imodzi yaitali. Kusankha pakati pa njira ziwirizi kumadalira choimbira, monga tionere.

Kugawa

Cholakwa chofala kwambiri ndi kukopera kilipu yomweyo pa mathiraki anayi, piyano, padi, vayolini ndi gitala, poganiza kuti mawu anenepa. Chimene chimachitika n'chakuti zoimbira zinayi zimapanikizana pa manoti atatu omwewo, pakati pa 55 ndi 65, malo amenenso mawu a woimba amadutsa kawirikawiri. Pansi palibe kanthu, pamwamba palibe kanthu. Zili ngati kwaya yonse itaimba alito: anthu ndi ambiri koma nyimbo ndi yopyapyala. Pambuyo pake munthu amataya nthawi ndi ikwalaiza kuyesa kulekanitsa zinthu zimene zikanalekanitsidwa ndi manoti.

Sungani kilipu yoyambirira pa thiraki yake, muitseke mawu, ikhale poyang'anira. Mathiraki ena onse atengepo magawo awo.

Yambani ndi besi. Iye akufuna noti imodzi pa nthawi, ya patsinde: A, F, C, G. Chingwe chotsikitsitsa cha besi ya zingwe zinayi ndi E, noti 28, ndiye manoti athu akhale 33, 29, 36, 31. Onse ali m'malire ake. Nyimbo ikanakhala ndi D, noti 26 ikanagwa kunja kwa malire, ndipo apa zoimbira zimasiyana khalidwe. Sinthi imaimba noti iliyonse imene mwaipatsa, ngakhale yotsika moti sipika zazing'ono sizingaitulutse. Choimbira cha masampulo, chimene chinapangidwa pojambula besi yeniyeni noti ndi noti, chimangokhala chete pamene sampulo palibe. Choipa kuposa apo, zoimbira zambiri zotere zimagwiritsa ntchito makiyi a kunja kwa malire ngati maswitchi osinthira kaimbidwe. Noti yosochera imodzi imatha kusandutsa besi yosalala kukhala yomenya ndi chala chachikulu, kapena vayolini yokoka kukhala yodula, ndipo imakhala choncho mpaka switchi ina itakhudzidwa. Mukaona kaimbidwe kasintha pakati pa nyimbo popanda chifukwa, funani noti imene yagwera pa makiyi amenewo. Pa kiyibodi ya pa sikirini nthawi zambiri amapakidwa mtundu wosiyana. D uja mukwezeni akhale 38.

Chenjezo lina pa besi: musamupatse khodi yonse yotsitsidwa. Tengani C pa 36, 40, 43. Manoti amenewa amanjenjemera pafupifupi ka 65, 82 ndi 98 pa sekondi, ndipo kumunsi kumeneku khutu limalephera kuwalekanitsa, limangomva kulindima. Lamulo limene opanga nyimbo ambiri amatsata n'lakuti pansi pa noti 48 manoti azitalikirana, okitevu kapena makiyi 7, ndipo oyandikana azikhala kumwamba.

Piyano itenge makhodi otembenuzidwa aja mmene alili. Koma pano mpamene `Velocity` imayamba kuoneka ntchito yake. Iyi ndi nambala ya mphamvu imene kiyi yakhudzidwira, kuyambira 1 mpaka 127. Mapulogalamu a makhodi amakonda kupatsa manoti onse nambala imodzi, mwina 100, mwina 127. Anthu ambiri amaganiza kuti nambalayi imangolamula kukula kwa mawu, koma pa piyano ya masampulo imasankhanso sampulo imene ilire. Ojambula anajambula kiyi iliyonse kangapo, mofewa, mwapakati ndi mwamphamvu, ndipo kiyi yomenyedwa mwamphamvu imalira mowala ndi mouma. Choncho manoti onse akakhala pa 127, kutsitsa voliyumu sikuthandiza: mumangopeza piyano yokalipa chapansipansi. Tsitsani `Velocity` ya manoti onse ikhale pakati pa 60 ndi 80, ndipo wa pamwamba mumuonjezere pang'ono, mwachitsanzo 64, 62 ndi 76 pa Am, kuti kamzere kaja kamveke. Batani losakaniza mphamvu mwachisawawa lilipo m'mapulogalamu ambiri, koma pa manoti 12 okha sindiona chifukwa choligwiritsira ntchito. Silidziwa noti imene ili yofunika.

Piyano ili ndi khalidwe linanso: mawu ake amazirala. Noti yogwiridwa masekondi 2.5 imafika kumapeto itafooka, motero 57 ndi 60 aja aziimbidwanso pa baa iliyonse, asalumikizidwe. Mwinanso mungafune kubwereza khodi pa biti yachitatu, kapena kuiyamba theka la biti baa isanafike, kuti nyimbo iyende. Ngati mu fayilo muli `CC64`, amene ndi uthenga wa chopondera chogwira mawu, onetsetsani kuti akutsika pa 0 posintha khodi iliyonse. Akakakamira pa 127, makhodi onse anayi amaunjikana.

Padi ndiyo imafuna kuganiza kwambiri, ngakhale imaoneka yosavuta. Mawu ake sazirala, ndiye manoti ofanana alumikizeni: 60 akhale noti imodzi ya mabaa atatu, 57 ya mabaa awiri, 55 ya mabaa awiri. Mukatero makhodi amasinthana mosadukiza. Ndipo poti piyano yakhala kale pakati, padi isamuke. Njira yabwino ndi kukweza noti ya pakati ndi okitevu, Am akhale 57, 64, 72, kuti manoti atalikirane n'kusiya mpata. Mukhozanso kuipatsa manoti awiri okha, poti besi ndi piyano zanena kale kuti khodi ndi iti.

Tsono yang'anani `Attack` ndi `Release`. `Attack` ndi nthawi imene mawu amatenga kuti akule noti ikayamba, `Release` ndi nthawi imene amatenga kuti azimirire ikatha. Mapadi ambiri amabwera ndi `Release` wautali chifukwa amakoma chomwecho munthu akamayesa noti imodzi. M'makhodi athu zimenezi zimabala mkangano. Tinene kuti `Release` ndi masekondi 2. Am akatha, 64 amapitirirabe kulira pamene F wabweretsa 65, ndipo awiriwa atalikirana ndi kiyi imodzi yokha. F akatha, 65 amatsalira pa 64 wa C. C akatha, 60 amatsalira pa 59 wa G. G akatha n'kubwerera poyamba, 59 amakhulana ndi 60. Ndiye kuti m'malo onse anayi osinthira, pafupifupi baa yonse imakhala ndi chifunga cha manoti awiri otsutsana. Mungadziwe kuti vuto ndi limeneli poimitsa nyimbo pakati: ngati padi ikupitiriza kulira nthawi yaitali, `Release` watalika. Mufupikitseni afike cha pa theka la sekondi, mumvetsere, kenako muonjezere pang'onopang'ono mpaka pamene makhodi akulumikizana koma osadetsana. Taonani kuti kutembenuza makhodi kuja, kumene kunathandiza piyano, ndi kumenenso kwayandikizitsa manoti otsutsanawa. Manoti omwewo amakoma pa choimbira china n'kuvuta pa china.

`Attack` wautali ali ndi vuto lake: padi imamveka yochedwa, ngakhale manoti ali pa mzere ndendende. Mukhoza kumufupikitsa, koma ngati kukula pang'onopang'ono kuja ndi kumene mwakonda, kokerani manoti onse a padi kumbuyo pang'ono, kapena ikani nambala yochotsera pa `Track Delay` ngati pulogalamu yanu ili nayo.

Pa vayolini ndi zinzake, funso loyamba ndi lakuti mwasankha mtundu uti. Pali mawu a gulu lonse amene amalandira khodi yathunthu, ndiye pali ena olembedwa `Legato` amene amaimba noti imodzi pa nthawi, ngati munthu mmodzi ndi uta wake. Mukapatsa `Legato` khodi ya manoti atatu, imasankhapo imodzi, kawirikawiri imene yafika pomaliza, ndipo mumamva kamzere kachilendo kodumphadumpha. Sinthi iliyonse imene ili pa `Mono` imachitanso chimodzimodzi. Choncho vayolini ipatseni mzere wa pamwamba wokha, wokwezedwa okitevu: 76, 77, 76, 74. Pano lamulo la kampata lija latembenuka. Kuti `Legato` ilumikize manoti awiri osiyana, yoyamba iyenera kulowerera pang'ono mu yachiwiri, apo ayi noti iliyonse imayamba payokha. Kumbukiraninso kuti vayolini siitsika kupitirira 55, ndipo chelo amafika pa 36.

Zoimbira za zingwe zokoka zambiri sizimvera `Velocity` pa manoti aatali. Kukula ndi kuchepa kwa mawu kumalamulidwa ndi `CC1`, gudumu limene limakhala kumanzere kwa kiyibodi, nthawi zina pamodzi ndi `CC11`. Fayilo ya makhodi ilibe mauthenga amenewa, ndiye choimbira chimangokhala pamene chinasiyidwa. Ngati chinasiyidwa pa 0, vayolini imanong'ona moti mungaganize kuti yafa. Jambulani mzere wa `CC1` nokha: uyambe cha pa 50, ukwere kufika cha pa 85 pakati pa F, utsikenso polowa mu G. Vayolini yokhala pa mphamvu imodzi kwa masekondi 10 imadziulula msanga kuti ndi ya makina kuposa china chilichonse mu nyimbo.

Gitala ndingoikhudza pang'ono. Chala kapena chokhwatchira chimadutsa zingwe imodziimodzi, ndiye manoti a khodi asayambe nthawi imodzi. Potsika amayamba wa pansi, pokwera wa pamwamba, motalikirana mamilisekondi 10 mpaka 20. Komanso si khodi iliyonse ya piyano imene imagwirika mofanana pa gitala. Am, F ndi C athu amakwana bwino pa zingwe zitatu zing'onozing'ono, koma G wa 55, 59, 62 sakwana pamenepo, chifukwa chingwe chaching'ono kwambiri chimayambira pa 64. Woimba gitala angagwire 55, 59, 67. Zoimbira zina za gitala zimadzikonzera zokha zimenezi, zimangofuna kudziwa khodi, ndipo kwa zotere kutembenuza kwanu konse sikumawerengedwa.

Kumvetsera zonse pamodzi

Tikasonkhanitsa, baa yoyamba ikuoneka chonchi:

```
vayolini  76
padi      57 64 72
piyano    57 60 64
besi      33
```

Khodi ikadali Am, koma tsopano yatambasuka kuchoka pa 33 kufika pa 76. Sankhani mawu a choimbira chilichonse nyimbo ikulira, zinzake zikumveka, osati pachokha. Padi imene imakoma kwambiri payokha nthawi zambiri imakhala yodzaza malo onse, ndipo imene imamveka yoonda payokha ndiyo imakhala bwino pakati pa zinzake. Ubwino wa MIDI ndi womwewu: manoti amakhala pomwepo inu mukusinthasintha zoimbira mmene mungafunire.

Pali mayeso awiri ofulumira. Tsekani thiraki imodzi nyimbo ikulira. Ngati simukumva kuti china chasowa, thirakiyo ikungobwereza ntchito ya inzake, ndipo muisunthe okitevu, muichotsere manoti kapena muichotse yonse. M'chitsanzo chathu wokayikitsa ndi padi, amene akugawana 57 ndi 64 ndi piyano. Amapulumuka chifukwa piyano imagunda n'kuzirala pamene iye amagwira, koma woimba akalowa mungapeze kuti 64 ndi 72 okha akukwanira. Mayeso achiwiri: ngati khodi ina ikumveka yolakwika chonsecho manoti ndi olondola, yatsani mathiraki awiriawiri mpaka mupeze ogundana. Nthawi zambiri mupeza kuti mawu ena a sinthi ali ndi noti yachiwiri yobisika mkati, yokwera makiyi 7 pamwamba pa imene mwalemba. Pa noti imodzi zimakoma, koma pa G noti 59 imabala 66, amene ndi F#, ndipo F# mulibe mu kiyi ya nyimbo yathu. Mawu oterowo apatseni noti imodzi kapena muzimitse mawu achiwiriwo.

Mukamatumiza ntchitoyi kwa mnzanu, vuto la poyamba lija limabwereranso kwa iye. Pulojekiti imasunga zoimbira ndi makonzedwe ake, koma imatseguka bwino pokhapokha iye ali ndi mapulagini omwewo. Fayilo ya `.mid` imatseguka paliponse koma siidziwa padi imene munasankha, `Release` amene munafupikitsa, kapena `Track Delay` amene munaika. Choncho tumizani fayilo ya mtundu 1 yokhala ndi mathiraki olembedwa mayina, pamodzi ndi mawu a thiraki iliyonse mu `.wav`, onse oyambira pa baa 1, ndipo mulembe 96 BPM ndi Am m'dzina. Ngati munagwiritsa ntchito makiyi osinthira kaimbidwe pa besi kapena vayolini, muuzeni, chifukwa pa choimbira chake manoti amenewo akhoza kulira ngati manoti wamba apansi kapena kusintha chinthu china.